Maso a Nkhono Ali pa Botolo la Mafuta

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndazindikira kuti nkhono ija idasamukira kumsika, ndipo maso ake ndi timanambala tija amalemba m'munsi mwa botolo la mafuta ophikira.

Tonse tidakula tikudziwa kuti chachikulu chimatchipa. Tiyerekeze pabenchi pali botolo la malita 2 la K13,000, pambali pake kabotolo ka K4,500, mafuta ake amodzimodzi. Wosadekha woyamba anyamula lalikulu osafunsa. Wosadekha wachiwiri, amene amadziona ngati wochenjera, ati kakang'onoko ndi lita, tiwiri ndi K9,000, ndiye wapulumutsa K4,000 ya ndiwo. Onsewa sadaone maso a nkhono. Pakabotoloko padalembedwa 750 ml, si lita.

Kudekha kwake n'kotere. Pezani muyeso umene ukulowa bwino m'mabotolo onse awiri, monga 250 ml. M'kakang'ono ukulowa katatu, choncho K4,500 kugawa patatu ndi K1,500. Malita 2 ndi 2,000 ml, ukulowa ka 8, ndipo K13,000 kugawa pa 8 ndi K1,625. Kakang'ono katchipadi, koma ndi K125 yokha pa muyeso uliwonse, kapena kuti K1,000 pa malita awiriwo. K4,000 ija idali maloto.

Mukawerengera pafoni musaikhulupirire msanga, chala chimaphonya ziro. Bwerezani mwa njira ina: timabotolo titatu ndi K13,500, ndipo muli 2,250 ml. Mwawonjezera K500 yokha n'kupeza 250 ml yapamwamba. Masamu awiriwa akaloza kosiyana, dziwani kuti penapake mwasokoneza malita ndi mamililita.

Chimene akuluakulu sadatiuze n'chakuti nkhono ilibe makasitomala ena. Inu muli duu pabenchi, milomo ikugwedera ndi masamu, wogulitsa wayamba kale: "Amayi, mukugula kapena mukulemba mayeso?" Kumbuyo wina akutsonya. Kudekha kwa masiku ano kumafuna nkhope youma, ndipo ine ndimati iume ndithu, K1,000 satola pamsewu.

Komanso nambala ya pabotolo imanena zoona pokhapokha chitsekerero chili chosamatula. Botolo lothiridwamo mafuta a m'chigubu limangonena za mafuta amene adatha kalekale. Apo yerekezani ndi linzake lomata, muone pamene mafuta alekezera pakhosi.

Pamene nthabwala imandithera ndi pa timachubu ta mafuta oyeza. Tilibe nambala n'komwe. Ngati ka K500 muli 50 ml, lita ikukwana K10,000, pomwe wa kabotolo uja walipira K6,000 pa lita. Mayi wogula kachubuko masamuwa amawadziwa bwino kuposa ine ndi foni yanga. Kungoti m'chitenje mwake mwamangidwa K500, ndipo ndiwo zili kale pamoto.