Nkhono ya pa Lizulu

Mwana wa mchemwali wanga ali Folomu 3, ndipo posachedwapa aphunzitsi ake a Chichewa anamupatsa chimangirizo: afotokoze msika pa tsiku la msika. Anandibweretsera kuti ndione. Analemba kuti pamsika panali anthu ambiri zedi, panali phokoso kwambiri, amayi ankagulitsa zinthu zosiyanasiyana, ndipo aliyense anali wotanganidwa. Nditamufunsa kuti msika wake ndi uti, anati wa pa Lizulu, ndipo anatulutsa foni kundionetsa kanema amene anajambula ali pa zenera la minibasi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba ndinaganiza kuti mwambiwu wakalamba, chifukwa mwanayu maso a nkhono angathe kuwakoka ndi zala ziwiri pa foni mpaka kukula ngati mbale, osadekha ngakhale pang'ono. Komanso pa Lizulu wodekha ndani? Ukangoima pamenepo ngati ukufuna nkhono, wa kabaza akuimbira belu kumsana, ndipo anyamata atatu akhala atakulowetsera kale kabichi m'manja. Koma nditawerenganso pepalalo ndinaona kuti mwambi uli bwinobwino. Foni inaona zonse. Mwini foni ndiye sanaone kanthu.

Pali muyeso wosavuta wodziwira ngati chiganizo chikuonetsa kapena chikungouza. Chichotseni m'chimangirizomo, muchiike pena. "Panali anthu ambiri ndipo aliyense anali wotanganidwa." Chiganizochi chikhoza kukhala cha msika wa Limbe, cha depoti ya Lilongwe, cha ukwati, ngakhale cha pamaliro nthawi yophika. Chiganizo chokwana paliponse sichinafike pa Lizulu. Pomwe mwana akalemba kuti mayi wina anawoloka msewu wa M1 atasenza dengu la anyezi, kuchoka ku Mozambique kulowa m'Malawi popanda womufunsa chiphaso, tadziwa pomwe tili, pakuti pamenepo malire amayenda ndi msewu.

Tsono tiyeni tisiye khamu la anthu, tidekhe pa mulu umodzi wa tomato. Mwana analemba kuti "amayi ankagulitsa tomato wabwino motchipa". Wabwino kwa yani? Ameneyu watipatsa chigamulo, umboni wasiya kunyumba. Tayang'anani muluwo. Pansi pali atatu, pamwamba mmodzi, ndipo wapamwambayo ndiye wamkulu, wofiira psuu, amene ntchito yake ndi kuitana anthu. Atatu apansiwo aliyense wagona chakumbali kumene kuli bala. Mayiyo amaviika zala m'kachitini ka madzi n'kuwaza muluwo kuti uziwala, ndipo akaona minibasi ikuchepetsa liwiro amawazanso. Palibe pomwe ndalemba kuti mayiyu ndi wochenjera, koma inu mwamaliza kale nokha, ndipo chimene owerenga wadzipezera yekha sachiiwala msanga.

Pitirizani kudekha. Wafika wogula, tinene kuti bambo wa tayi wotsika m'galimoto. Wafunsa mtengo, wauzidwa kuti mulu ndi K500, wachita ngati akuchoka. Mayiyo sakudzuka, akungoti, "Bwerani bwana, ndikuikirani basela." Baselayo satuluka pa mulu ayi. Dzanja limalowa pansi pa dengu, n'kutuluka ndi ka tomato kofewa kamene sikakanaona dzuwa la mawa, ndipo kamalowa m'jumbo mwachangu bwanayo asanakaone nkhope. Kenako bwana watulutsa K5,000, ndalama ija inabwera mu 2022 kudzazunza ogulitsa tomato. Mayi wamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje, wapezamo timapepala tofota tosakwana chenje, waitana mnzake wa anyezi, mnzakeyo waitana wa mbatata ya kachewere, ndipo ndalama ya bwana yayenda m'manja anayi pamene galimoto yake ikuimbiridwa hutala ndi lole ya makabichi. Apa msika wadzaza, phokoso lamveka, ndipo mawu oti "ambiri" sitinawagwiritse ntchito.

Wina anena kuti tatha ndime ziwiri pa tomato anayi, nanga usipa, kaunjika, chiwaya cha tchipisi? Ndiye msampha winawo. Mwana akauzidwa kuti aonetse, amayamba kuwerenga katundu: panali tomato, anyezi, karoti, nyemba, nsapato, mabatire. Umenewo ndi kaundula wa wotolera msonkho, ndipo ukungouzabe, kungoti motalika. Kuonetsa kumafuna mneni, chinthu chichite kanthu: ntchentche zinyamuke pa usipa mwini akakupiza katoni, zibwerere akangotembenuka. Kumafunanso mphuno ndi khutu, pakuti ana athu amalemba ngati anapita kumsika ndi maso okha. Kanema wa pa foni alibe fungo la masamba a kabichi owola m'ngalande, ngakhale la mafuta a pa chiwaya amene akazinga kuyambira m'mawa.

Chichewa chinatipatsa mwayi wa mawu ngati psuu, mbwee ndi thithithi, amene amajambula chinthu kamodzi n'kamodzi. Koma chenjerani ndi "piringupiringu". Ophunzira anamva kuti aphunzitsi amamukonda, ndiye aliyense amamuponya m'ndime yoyamba n'kupuma, ngati wapereka msonkho. Anthu ali piringupiringu, chabwino, koma ndani wagunda ndani, ndipo chagwa n'chiyani?

Sindikunena kuti kuuza n'kulakwa. Kuti linali tsiku la msika, kuti kunali kozizira monga kumakhalira cha ku Dedza ndi Ntcheu mwezi wa Juni, zimenezo nenani m'chiganizo chimodzi mudutse. Wofuna kuonetsa chilichonse nthawi ya mayeso imuthera akadali pa siteji. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zodekhapo zakwana, zinazo zikhale milatho yaifupi.

Ndibwerere kwa mayi uja, poti sindinathane naye. Dzuwa likapendeka, mulu uja wa anayi umasanduka wa asanu ndi mmodzi, mtengo womwewo. Basela sapemphedwanso, amabwera yekha. Wapamwamba uja, amene waitana anthu tsiku lonse, wayamba makwinya. Mayi akuyang'ana dengu, akuyang'ana msewu, akuwerengera chamumtima ngati mpamba wabwerera, pakuti tomato sadikira tsiku lina la msika. Mwana akanalemba kuti "amayi ena anali okhumudwa chifukwa malonda sanayende", tikanadutsapo osamva kanthu. Koma kukula kwa muluwo kwatiuza za ndiwo za usiku umenewo ndi za fizi ya mwana wina. Apa ndiye nthabwala zimandithera. Mawu oti "anthu ambiri" amafufuta anthu. Ambiri mwa ana olemba zimangirizozi amaphunzira ndi ndalama ya pa mfundo ya chitenje yomweyo, koma m'pepala mwawo amayi awo amangotchedwa "ogulitsa zinthu zosiyanasiyana".

Vuto lake ndi lakuti m'chipinda cha mayeso a MANEB mulibe nkhono. Munthu sungadekhe pa tomato amene sunamuonepo; kudekhako kumayenera kuchitika kale, miyezi ingapo m'mbuyo. Choncho aphunzitsi, musanapereke mutu wa msika, atumeni anawo akakhale theka la ola pafupi ndi wogulitsa mmodzi, foni ili m'thumba, ndipo abwere ndi zinthu zisanu zimene manja a wogulitsayo anachita. Muwauzenso agule kanthu, kuopa kuti mayiyo angawayese akuba.