Atachimenti Yopanda Atachimenti

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi yoona za antchito pa fakitale ina ya ku Makata, mumzinda wa Blantyre. Dzina lake tilisiye, poti eni ake akadali moyo ndipo ena timapemphera mpingo umodzi. Ntchito yanga ya m'mawa inali kutsegula imelo ya kampani, kusankha zofunika n'kupita nazo kwa abwana. Semesita ikamapita kumapeto, imeloyo inkadzaza ngati minibasi ya ku Ndirande nthawi yoweruka. Ana a m'makoleji, kuyambira oyandikana nawo a pa Chichiri mpaka a ku Mzuzu, onse akufuna malo a atachimenti.

Vuto limayambira pa mawu omwewo. M'Chingerezi, kukaphunzira ntchito pa kampani amati atachimenti, ndipo chikalata chomwe wamata pa imelo amatinso atachimenti. Mnyamata wina analemba bwino zedi, n'kumaliza ndi mawu akuti siivii yake ndi kalata yochokera ku koleji zili m'munsimu. Ndinatsika m'munsimo, ndinangopeza mphepo. Patapita mphindi 4 kunabwera imelo yachiwiri: “Pepani bwana, ndinaiwala, nazi.” Munalibenso kanthu. Yachitatu inabwera masana, ndipo ulendo uno munali kanthu ndithu: chithunzi cha mbuzi ziwiri zitamangidwa pa mtengo wa mango. Abwana anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Yakumanzereyi ikuoneka yolimbikira ntchito.”

Chomvetsa chisoni n'chakuti Gmail imayesetsa kuthandiza. Ukalemba m'Chingerezi kuti wamata chikalata koma usanamate, imakufunsa kaye ngati ukufunadi kutumiza. Ukatumiza molakwitsa, pansi pamatuluka ka `Undo`, kamene kamadikira masekondi 5, ndipo ukhoza kukasintha kuti kazidikira mpaka 30. Koma munthu amene bandulo yake ikutha sawerenga machenjezo.

Wina anaganiza zosunga nthawi. Analemba imelo imodzi n'kuika makampani onse pa `To`. Ndinawawerenga, analipo 41: mabanki, mahotela, ogulitsa feteleza, ngakhale ogulitsa mabokosi a maliro. Ndipo chiganizo choyamba chinali chakuti, “Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikulakalaka kugwira ntchito pa kampani yanu yokha.” Munthu wa pa kampani ina anadina `Reply All` n'kufunsa funso lalifupi: “Iti?” Tsiku limenelo ntchito inaima m'maofesi 41.

Mnzake wa kalasi yomweyo anali wochenjererapo, anatumiza kwa ife tokha. Koma m'kati mwa kalata anasiya dzina la kampani yopikisana nafe, imene ili tsidya la msewu, n'kuitamanda ndime yathunthu kuti katundu wake alibe wofanana naye m'Malawi muno. Abwana anandiuza kuti ndiisindikize. Anaipinda bwinobwino n'kunena kuti, “Uwapatse a mesenjala akaisiye tsidyalo. Mwanayu asataye mwayi chifukwa cha ife.”

Pali mzere uja wa pamwamba wolembedwa `Subject`. Ndi mutu wa kalata, ndipo ndi umene ndinkayamba kuona ndisanatsegule. Ambiri ankausiya wopanda kanthu. Ena ankangolembapo moni. Mtsikana wina analembapo kalata yonse, kuyambira “Okondedwa bwana” mpaka “ine wanu wokhulupirika”, m'kati mwa imelo n'kusiya mbee. Pa kompyuta yanga mutuwo unadukira pa mawu akuti “ndikufunitsitsa kuti inu ndi ine”, ndipo ndinatsegula manja akunjenjemera.

Za maadiresi sindinena zambiri. Munthu amatsegula imelo ali Fomu 2, nthawi imene amadziona ngati chilombo cha m'tauni, n'kumaigwiritsabe ntchito ali m'chaka chachitatu ku koleji. Zinandivuta kulowa mu ofesi ya mayi ena aakulu, a mvano, n'kuwauza kuti wopempha malo ku akaunti ndi `mfumuyamabebi`.

Koma chimene chinkapha makalata ambiri si zoseketsazi. Ndi kusanena chimene munthu akufuna. Fakitale ikamalandira wophunzira imayenera kum'pezera munthu womuyang'anira, amene azisaina buku lake lolembamo zimene wachita, komanso kulandira mphunzitsi wa ku koleji akabwera kudzamuyendera. Ngati akulowa kumakina pafunika ovolosi, chisoti ndi nsapato zolimba za saizi yake. Zonsezi sizingakonzedwe ngati sitikudziwa kuti akuphunzira chiyani, ali chaka chanji, abwera liti ndipo achoka liti. Ndiye taonani kalata yomwe tinkalandira mlungu ndi mlungu: “Ndine wolimbikira ntchito, woopa Mulungu, ndipo ndikhoza kugwira mu dipatimenti ina iliyonse.” Basi. Kosi osatchula, tsiku osatchula. Tsiku lina abwana anali ndi nthawi, anamuimbira mmodzi.

“Mwati dipatimenti ina iliyonse?”

“Eya bwana, iliyonse.”

“Chabwino. Alonda athu a usiku akuperewera.”

Ku foni kunakhala zii. Kenako: “Bwana, ine ndimapanga za akaunti.”

“Ohoo! Ndiye mukudziwa chomwe mukufuna. Nanga mumabisiranji?”

Wina anatchula tsiku, tim'patse ulemu wake. Analemba Lachisanu 4 koloko madzulo kuti ayamba Lolemba, ndipo anapempha kuti timuuze minibasi yokwera. Winanso kalata yake yonse inali mzere umodzi, wofunsa kuti timalipira zingati. Funsolo si loipa, minibasi ndi nkhomaliro sizidya pepani. Koma mlendo amayamba wanena dzina lake asanafunse ndiwo.

Kalata ya ku koleji, ija yokhala ndi chidindo yotsimikiza kuti mwanayu ndi wathu ndipo maphunziro ake akufuna atachimenti, ndiyo inkazunzika kwambiri. Ankaiyala pa mkeka, n'kuijambula ndi foni madzulo magetsi atazima. Ine ndinkaona mkeka bwinobwino, chala chachikulu cha wojambula, ndi ngodya ya mbale ya nsima, koma chidindo ayi. Ina inabwera chadodolido, moti abwana anaiwerenga atapendeketsa khosi mpaka anapempha mankhwala. Wina anajambula satifiketi iliyonse kuyambira ya Sitandade 8, zithunzi zake zikuluzikulu. Gmail silola zomata zopitirira 25 MB, choncho inaziika pa Google Drive n'kutitumizira linki. Nditadina, inandiuza kuti ndilibe chilolezo, ndipemphe kwa mwini wake. Ndinapempha. Taganizani, kampani kupempha wophunzira kuti ailole kuona pempho lake. Anavomera patatha masabata 3, malo atadzaza.

Ndiye panali wa siivii yobwereka. Anatenga ya mnzake, n'kusintha dzina pamwamba ndi magiredi, koma nambala ya foni anaiwala. Siiviiyo inali yabwino, tinaimba. Woyankha anadabwa pang'ono, koma sanachedwe kumvetsa. “Eya, ndine wa kosi yomweyo. Ndibwere liti?” Anabwera, tinamufunsa mafunso, anakhoza, anayamba. Mwini pempho anatulukira patapita masabata awiri kudzafunsa ngati imelo yake inafika. Anam'peza mnzake pageti atavala ovolosi yathu, akudya chimanga chootcha.

Amalume nawonso ankalemba. “Ndikulemba m'malo mwa mwana wa mchemwali wanga, ndi wamanyazi.” Abwana yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amalume ena anakwiya n'kuimba foni kuti, “Achimwene, simukundidziwa ine?” Abwana anati, “Ndakudziwani tsopano, bambo. Amene sindikum'dziwa ndi wofuna atachimentiyo.”

Mwina mukuti nanga yabwino inalipo? Inalipo, ndipo ndimaikumbukira chifukwa inali yaifupi kuposa zonse. Inafika m'mwezi wa Epulo, kukadali nthawi. Pa mutu panali zinthu zitatu: kuti ndi pempho la atachimenti, kosi ya zamagetsi chaka chachitatu, Juni mpaka Ogasiti. Ndisanatsegule n'komwe ndinadziwa kuti ipita kwa injiniya wamkulu. Inalembedwa m'Chingerezi, koma m'chinenero chathu inkamveka chonchi:

“Kwa oyang'anira za antchito. Dzina langa ndine wakutiwakuti, ndikuphunzira zamagetsi pa koleji yakuti, chaka chachitatu. Maphunziro athu amafuna kuti tigwire ntchito pa kampani kwa masabata 12, ndipo ine ndikhoza kuyamba Lolemba loyamba la Juni. Ndikupempha malo ku gawo lokonza makina. Semesita yathayi tinaphunzira za mamota ndi mawaya oyendetsera makina, ndipo ndikufuna kuona m'mene amawasamalira pa fakitale yogwira usana ndi usiku ngati yanu. Ndidzakhala kwa achibale ku Ndirande, choncho malo ogona si vuto. Ndamata siivii yanga ndi kalata ya ku koleji. Nambala yanga ili pansipa.”

Ndinatsika pansipo mtima uli m'mwamba, poti mbuzi zija zinali zisanandichoke m'maso. Zonse zinalipo. Mafailo awiri a PDF, amene amatseguka chimodzimodzi pa foni ndi pa kompyuta, lililonse lili ndi dzina lake la mwanayo, osati `Document1` ngati ena 30 amene anali kale mu kompyuta yanga. Siivii inali ya tsamba limodzi, chidindo chikuwerengeka. Onaninso kuti sanatiuze kuti ndife kampani yotchuka padziko lonse. Anangotchula chinthu chimodzi choona chokhudza ife, chakuti makina athu sagona, ndipo icho chinakwanira kusonyeza kuti kalatayi sinapite kwa ogulitsa mabokosi.

Injiniya wamkulu anali kutchuthi, choncho sitinayankhe. Patapita masiku 10 mtsikana wa zamagetsiyo analembanso, osati imelo yatsopano koma kuyankha pa yakale ija kuti zonse zikhale pamodzi, mizere iwiri yokha yofunsa mwaulemu ngati pempho lake linafika. Tinamuimbira. Nambala inali yake.

Tsiku loyamba nsapato za saizi yake zinali zisanafike, ndiye sakanalowa kumakina. Abwana anati akhale ndi ine azindithandiza kutsegula imelo. Sanathe mphindi 10 anagwira pakamwa.

“Bwana, uyu ndimam'dziwa. Tinkagona hositelo yoyandikana.”

Ndinasuzumira. Anali wa mbuzi uja, atabweranso ndi imelo yachinayi. Mutu wake unali wakuti tsopano zonse zakonzeka. Tinatsegula. Siivii inalimo, kalata ya ku koleji inalimo, yoongoka bwino. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi, wakuti ngati abwana anazikonda, yakumanja inagulidwa kale koma yakumanzere ikadalipo.