Marauta ogona ndi nkhuku

Nkhani ili m'kamwam'kamwa pa Katete m'nyengo yotentha ino ndi ya marauta. Masana akugwira bwinobwino, koma dzuwa likangolowa, bambo akuti aonere mpira pafoni, timagetsi tonse thii! Pakapita mphindi ziwiri tayaka, posakhalitsa tazimanso.

Kumsika akuti ndi netiweki. Anyamata a njinga akuloza chala aneba, ati akuba mabandulo. Palinso akulumbira kuti ndi netiweki ya ku Mozambiki yodzera ku Chanida imene ikusokoneza yathu. Nkhanizi n'zokoma kumva, koma netiweki sizimitsa rauta. Nsanja ikachulukidwa anthu madzulo, intaneti imangochedwa, timagetsi tili chiyakire. Dzina la waifai likasowa pafoni, dziwani kuti rauta yazima yokha, ndipo vuto lili m'nyumba mwanu momwemo.

Ku Sinda anthu akuseka za amayi okonda ukhondo, amene aika rauta pamwamba pa dikoda n'kuifundika kansalu koluka kuopa fumbi la mumsewu wa Lusaka. Fumbi silikulowadi, koma mpweya nawonso ulowa pati? Malata atentha tsiku lonse, dikoda ikuwotcha pansi, timabowo tatsekeka. Igwireni rautayo ikangozima. Ngati kunsi kwake kukutentha kwambiri, chotsani kansaluko, muiike payokha, pamthunzi podutsa mphepo.

Koma wolakwa wamkulu nthawi zambiri ndi adaputa. Magetsi atavuta mu 2024 chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, kuzima ndi kuyaka kwake kunapsereza maadaputa a anthu ena, iwo n'kungotola iliyonse yokwana pabowo. Tembenuzani rauta muwerenge. Tinene kuti palembedwa 12V 1A, pamene adaputa yogula kumsika ndi ya 12V 0.5A. Masana foni ndi imodzi, ndiye imapirira. Madzulo banja lonse lalumikiza, rauta ikukoka mphamvu yochuluka, adaputa yalephera, mavoti atsika, rauta n'kuyambiranso. Ngakhale adaputa imene inabwera ndi rautayo imafooka ikakalamba.

Bwerekani ina muyese usiku umodzi. Mavoti akhale 12 omwewo, osapitirira ai, mungawotche rauta. Nambala ya A ikhoza kukhala 1, 1.5 kapena 2, chifukwa rauta imangotenga imene ikufuna. Onaninso kuti kachizindikiro ka + ndi - kakufanana.

A ku Vubwi odalira sola nawo ali ndi yawo: ati rauta imaopa mdima. Pamenepa alasa ndithu! Dzuwa likalowa, batire yotopa imatsala yokha ndi mababu, TV ndi machaja, mavoti n'kugwa mpaka invata kudzizimitsa. Zimitsani TV usiku umodzi. Rauta ikafika pakati pa usiku osazima, musataye ndalama pogula rauta ina. Yofunika kusintha ndi batire.