Mankhwala a "yadula" ali m'katoni ya sopo

Pali mawu amodzi amene aliyense wolowa mu okala yanga amachoka nawo kunyumba asanadziwe n'komwe chimene akudzagula: "Yadula." Mwana wotumidwa machesi amawadziwa. Agogo amawanena asanakhale pansi. Inenso ndikapita ku Limbe kukaoda katundu ndimawanena, mokweza kuposa onse, ndiye sindingadandaule kwambiri. Pa mchere ndi sopo mawuwa savulaza, chifukwa munthu amadandaula dzanja lili kale m'thumba. Pamene amandipweteka ndi pa nyale za sola.

Nyale zake ndi zing'onozing'ono zija: kagalasi ka sola kumsana, batani limodzi, ndi kawaya koimikira patebulo kapena kukoleka kudenga. Ndimaoda pa K14,000 imodzi, n'kuwonjezerapo K500 ya minibasi ndi mnyamata wonyamula katundu, kenako ndimagulitsa K18,000. Mitengoyi ndi ya sabata ino. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ndimalemba ndi choko. Phindu langa likuyenera kukhala K3,500 pa nyale. Koma ine ndinabadwa ndi mtima wachifundo pamalo olakwika. Munthu akati "yadula," pakamwa panga pamayankha pokha kuti "muli ndi zingati, bwana?" Iye amati K15,000, ine n'kulandira, n'kumuperekeza mpaka pamsewu ndikumuthokoza, nditatsala ndi K500 yosakwana ndi tiyi yemwe.

Mayi a kunyumba ndi msungichuma wa banki mkhonde ya m'mudzi mwathu, ndipo manambala sawaopa. Atayang'ana buku la okala, anang'amba tsamba la kalendala yakale, n'kulemba kuseri kwake mawu onse amene ndiyenera kunena pogulitsa nyale, motsatana, n'kukhoma pepalalo pansi pa kauntala pomwe ine ndekha ndingaone. Pamwamba analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSATSITSA. Ndinawakumbutsa kuti mutu wa banja ndine. Anavomera, n'kunena kuti n'chifukwa chake apereka pepala kwa mutuwo kuti uloweze.

Chinthu choyamba papepalapo si mawu ayi, ndi katoni. Nyale timagulitsa masana, ndipo ukaiyatsa dzuwa lili paliwombo imaoneka ngati yatha kale moto. Ndiye tinatenga katoni yaikulu ya sopo, n'kumata timipata tonse, n'kuboola kawindo koti nkhope ya munthu ikwanepo. M'kati muli kope la mwana wathu wa Sitandade 8, lotsegula patsamba la masamu. Kasitomala amayamba wasuzumira tochi ya mabatire ili m'katimo: kuwala kumaunjikana pamalo amodzi, m'mbali mwa tsamba muli mdima. Kenako ndimamupatsa nyale m'manja kuti adine yekha batani, ailowetse, asuzumirenso. Tsamba lonse limawala mpaka m'makona. Lamulo la mayi ndi loti nyaleyo isabwerere m'manja mwanga mpaka nkhani itatha. Munthu amavutika kubweza chinthu chimene wachifumbata kale.

Akafunsa mtengo, pepala likuti ndinene kamodzi, momveka, osatsokomola komanso osayang'ana kudenga. "K18,000, bambo." Apa ndi pamene pamatulukira mlendo wathu uja.

Kale ndinkayankha kuti "siinadule iyi, ndi yoyambirira, kwina akugulitsa K25,000." Umenewo ndi mkangano, ndipo kasitomala sagonja pa mkangano ndalama zili m'thumba mwake. Pepala likuti ndivomereze. Lachinayi lapitali kunabwera bambo wina wakabaza, ndipo zinayenda chonchi.

"Iii, yadula, achimwene."

"Zoona, bambo. K18,000 si ndalama yotola. Panopa usiku mumaunikira chiyani kunyumba?"

"Tochi."

"Ya mabatire angati?"

"Awiri, akuluakulu aja."

"Amatha masiku angati?"

"Ana akamawerenga, sabata imodzi basi. Pofika Lachisanu imakhala ikungofiira."

Taonani kuti ine sindinatchule nambala iliyonse ya mabatire. Zonse watchula yekha, ndipo munthu satsutsana ndi pakamwa pake. Batire limodzi ndimagulitsa K600, awiri ndi K1,200 pa sabata. Apa ndimatulutsa kabotolo ka nyemba. Nyemba imodzi ndi sabata imodzi ya mabatire. Ndimamupempha kuti aziika nyemba pakauntala imodziimodzi uku akuwonkhetsa: K1,200, K2,400, K3,600. Nyemba zisanu ndi K6,000, khumi ndi K12,000, ndipo pa nyemba ya 15 wafika pa K18,000. Wakabaza uja anawerenga kawiri, kachiwiriko akundiyang'ana ngati ndabisa zina m'manja.

"Ndiye kuti mukaigula kumayambiriro a Meyi, pakati pa Ogasiti yadzilipira yokha. Kuchokera pamenepo dzuwa sililemba lisiti."

Mzere umenewu ndinaupeka ndekha ndipo ndimaunyadira. Mayi akuti ndi wautali.

Kalikyuleta ndili nayo, koma ikakhala m'manja mwa wogulitsa anthu amaikayikira, ndipo sindiwada. Nyemba zimaoneka, zimagwirika, ndipo agogo amene sanapite kusukulu amaziwerenga mofulumira kuposa ine.

Usiku wina ndinadzidzimuka kutulo nditazindikira kuti ndikudzilanda makasitomala ndekha. Pa batire lililonse ndimapeza K100, ndiye munthu wa tochi amandipatsa K200 pa sabata, chaka chonse K10,400, pomwe nyale imandipatsa K3,500 kamodzi kokha. Ndinawadzutsa mayi kuti amve nzeru zimenezi. Anandifunsa kuti mabenchi ogulitsa mabatire alipo angati kuchokera pa okala yathu kukafika pasiteji. Ndinayamba kuwerenga. Anati munthu amagula mabatire pomwe mdima wamupezera, kwa ine amabwera mwa apo ndi apo, pomwe nyale pano tikugulitsa anthu awiri okha. Anatembenuka n'kugona ine ndikadali pa benchi yachisanu ndi chimodzi.

Gawo lovuta kwambiri papepala lonse lili ndi mawu awiri: KHALANI CHETE. Nyemba zikafika 15, wogulitsa sayenera kuwonjezera kanthu. Ine chete amandiyabwa. Masekondi atatu akadutsa ndimayamba kuganiza kuti munthuyu wakwiya, kuti mwina ndi wachibale wa apongozi, kuti K16,000 si yoipa kwenikweni. Mayi anathana nazo pondiikira mbale ya mtedza wokazinga pansi pa kauntala. Nyemba zikatha ndimaponya mtedza wodzaza dzanja m'kamwa. Sungatsitse mtengo ukutafuna.

Chetechete ameneyu ali ndi ntchito yake. "Yadula" nthawi zambiri chimakhala chivundikiro chabe, ndipo ukadikira munthu amavundukula yekha. Pansi pake pamapezeka chimodzi mwa zinthu ziwiri.

Ena amati, "Ndilibe yonse lero." Ameneyu akuifuna nyale, ndipo kumuchotsera K1,000 sikumuthandiza chifukwa K17,000 alibenso. Yankho lake ndi kulipira katatu, K6,000 ulendo uliwonse, pamanja kapena pafoni. Ndimalemba m'buku iye akuona, n'kumata dzina lake pabokosi, koma nyale imagona mu okala mpaka ndalama itakwana. Ndikanakhala ndekha bwenzi ndikuipereka tsiku lomwelo, koma m'bukumo muli tsamba la anthu amene anatenga katundu "mpaka pa 30," osanena kuti mwezi uti.

Ena amati, "Izi zimafa msanga." Ameneyu anapsapo kale ndi nyale ya pamsika yopanda dzina, ndipo akunena zoona. Kulumbira m'dzina la agogo anga sikungamukhutiritse. Ndimamuonetsa zimene zalembedwa pabokosi za nthawi imene akampani amalola kubweza nyale ikawonongeka yokha, n'kulemba tsiku ndi nambala ya nyale palisiti. Kenako ndimamuuza zimene nyaleyi imafuna, chifukwa zambiri zimene zimabwezedwa kuti zafa zimakhala ndi njala chabe. Imafuna tsiku lathunthu padzuwa, osati kuseri kwa windo kapena pansi pa mtengo wa mango. Kagalasi kake kazipukutidwa, makamaka mu Okutobala fumbi likachuluka. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye kagalasiko kapendekere komweko. Chiperoni chikagwa masiku angapo, ayatse pa kuwala kochepa kuti moto ufike nthawi yogona. Ndimanenanso kuti batire la m'katimo limakalamba pakapita zaka, maola ake n'kuyamba kuchepa. Poyamba ndinkaopa kuti kunena zimenezi kuthamangitsa anthu, koma amene wauzidwiratu sabwera ndi chikwanje.

Pepalali lili ndi malire, ndipo mayi analemba m'munsi kuti ndizimva kaye yankho la funso loyamba lija. Kunabwera aphunzitsi ena, n'kunena kuti usiku amaunikira tochi ya pafoni ndipo amatchaja kusukulu. Munthu wotere sagula mabatire, ndiye palibe nyemba yoti aike pakauntala. Ine ndinali nditatsegula kale botolo. Tinayang'anizana kwakanthawi, ine ndi botolo langa, iwo ndi foni yawo, mpaka anagula choko n'kumapita. Wa magetsi kunyumba nayenso masamuwa samukhudza, pokhapokha ngati amagula makandulo magetsi akazima, pamenepo nyemba imodzi imakhala paketi ya makandulo.

Chinanso ndi nyale yoonetsera. Yatsopano imatuluka m'bokosi ili ndi moto wochepa, ndipo ukaiyatsira anthu tsiku lonse imatha. Ikuyenera kukwera padenga m'mawa uliwonse ndisanasese. Tsiku lina la msika inagona m'kabati. Agogo ena aakazi anadina batani, kunaphethira kamodzi, n'kulowetsa nyale m'katoni, n'kusuzumira nthawi yaitali ndithu. Atadzuka anati, "Mwanangu, mdima uwu ndili nawo kale kunyumba, ndipo wanga ndi waulere."

Wakabaza uja anali m'gulu loyamba lija, la "ndilibe yonse lero." Ine ndili pakati potafuna, anati nyale waikonda koma ali ndi K7,000 yokha, ndipo inayo ndi ya ndiwo. Anapereka K6,000, ndinalemba m'buku, dzina linamatidwa pabokosi. Ndinameza mtedza ndikumva ngati ndapambana chisankho. Potuluka anasesera nyemba 15 zija m'thumba la malaya, akuti popeza mtengo sindinatsitse, zimenezo ndiye basera. Madzulo mayi anawerenga za m'botolo, n'kulemba dzina langa patsamba la angongole.