Ulemu kwa pempho lopanda mutu, tsiku ndi maola

Pa mapempho onse amene amafika pakhomo la mphunzitsi ku Nabvutika, palibe laulemu kuposa ili: "Aphunzitsi, ndikonzereniko taimutebulo yowerengera mayeso." Limathera pomwepo. Silinena kuti mayesowo ndi a Masamu kapena a Chingerezi, silitchula tsiku, ndipo za maola amene mwanayo amapeza akamaliza kutunga madzi ndi kuphika silikhudzako n'komwe. Aphunzitsi ena a mu Chipata amaipidwa nalo, ati n'lotopetsa. Akulakwitsa. Pempho lotere liyenera kuomberedwa m'manja.

Ubwino wake woyamba n'ngwakuti silisankha munthu. Bungwe la ECZ limalembetsa mayeso osiyanasiyana: a Giredi 7, a Giredi 12 amene amadza cha mu Okutobala ndi Novembala, ndi a GCE amene obwereza amalemba cha pakati pa chaka. Mwana wa Giredi 7, mnyamata wa ku Chizongwe, mtsikana wa ku Hillside, ngakhale mayi wa ana awiri wofuna kukonza giredi yake kuti alowe koleji, onse amakwanira bwinobwino m'mawu ochepawa. Pempho lotchula phunziro ndi tsiku limathandiza munthu mmodzi yekha, pamene ili limakumbatira mzinda wonse popanda kuthandiza aliyense mokondera.

Komanso limakweza mphunzitsi. Limamuyesa sing'anga woti wodwala akangokhala pamphasa, iye adziwiretu pamene pakupweteka. Ndipo alipo aphunzitsi amene ulemu umenewu amaulandira ndi manja awiri. Amatenga pepala, kujambula mizere, n'kulemba kuti 4 koloko m'mawa Masamu, 5 koloko Bayoloje, madzulo Chingerezi, Lolemba mpaka Lamlungu. Pepalalo limakongola pakhoma. Limakhala moyo masiku atatu, lachinayi mwini wake amagona mpaka dzuwa kutuluka, ndipo palibe amene amaimbidwa mlandu chifukwa palibe chimene anagwirizana.

Adani a pempholi ndi aphunzitsi ouma mtima aja amene amayankha ndi mafunso atatu. "Ukulemba chiyani, mwanawe? Liti? Nanga pa tsiku umapeza maola angati?" Onani chimene chimachitika munthu akangoyankha.

Tiyerekeze mtsikana amene amathandiza amayi ake kugulitsa tomato ku msika wa Kapata. Anapeza 7 pa Masamu, koma makoleji ambiri amafuna makirediti asanu, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu, ndipo kirediti imathera pa 6. Akufuna kubwereza pa GCE, ndipo kwatsala masabata 12. Pofunsidwa za maola, poyamba akuti, "Nthawi ndili nayo, aphunzitsi." Atapanikizidwa, zikupezeka kuti Lolemba mpaka Lachisanu ali ndi ola limodzi ndi theka usiku, Loweruka ndi la msika tsiku lonse, ndipo Lamlungu masana ali ndi maola awiri ndi theka akabwera ku tchalitchi.

Apa mphunzitsi wankhanzayo amatola cholembera. Masiku asanu a pakati pa sabata akupereka maola asanu ndi awiri ndi theka, ndiye pa masabata 12 ndi maola 90. Sawerengera onsewo, chifukwa kudzagwa maliro, kudzabwera malungo, ndipo magetsi adzathima. Aliyense wa m'Chipata akukumbukira 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zinkakhala mumdima gawo lalikulu la tsiku. Choncho amachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu, n'kutsala maola 72. Amenewo, pamodzi ndi maola a Lamlungu aja, ndiwo chuma chonse cha mtsikanayu, osati "nthawi" ija ankanena.

Kenaka dzina la phunziro limayamba kulamula. Masamu a ECZ ali ndi mapepala awiri. Loyamba ndi la maola awiri, lopanda kalukuleta. Lachiwiri ndi la maola awiri ndi theka, lololeza kalukuleta. Ola limodzi ndi theka la usiku silikwana pepala lililonse mwa awiriwa, ndiye kuti kulemba pepala lakale lonse, wotchi ili patebulo, kungatheke Lamlungu lokha. Malamlungu alipo 12 basi, kutanthauza kuti akalimbika kwambiri adzalemba mayeso a zaka zisanu ndi chimodzi, pepala limodzi sabata iliyonse. Akanena kuti mapepala akale adzawayamba "kumapeto", monga amachitira ambiri, adzalowa m'chipinda cha mayeso atalembapo awiri kapena atatu okha. N'chifukwa chake Lamlungu loyamba lenilenilo amamupatsa pepala loyamba kuti alilembe asanawerenge chilichonse. Zimawawa, koma mafunso amene walephera ndiwo amaonetsa kumene maola 72 aja apite. Ngati mametirikisi akuwakhoza koma mavekita ndi kuwerengera mtunda pa dziko lapansi zikumugwetsa, mavekita atenga usiku utatu ndipo mametirikisi atenga mphindi makumi awiri zongokumbutsa. Ngati akupunthwa pa kugawa ndi pa mafulakishoni kalukuleta ikachotsedwa, ndiye kuti foni izikhala m'thumba poyeserera pepala loyamba.

Tsiku la mayeso nalo lili ndi ntchito yake. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimaiwalika msanga m'masiku oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumagwira kuposa kubwereza zonse nthawi imodzi. Wa masabata 12 angathe kubwerera ku mavekita patapita masiku atatu, kenaka sabata, kenaka mwezi. Wa masiku khumi mwayi umenewo alibe. Kwa iye mphunzitsi wanzeru amasankha mitu yochepa imene imabwera chaka ndi chaka, ina n'kuisiya dala. Malangizo a awiriwa ndi otsutsana, ndipo pempho lathu lolemekezeka limapempha onse awiri nthawi imodzi.

Tsopano maola omwewo apatsidwe kwa mnyamata wa Giredi 12 wolemba maphunziro asanu ndi atatu. Phunziro lililonse likulandira maola 9 okha, ndipo Malamlungu 12 aja sangakwane mapepala ake onse ngakhale kamodzikamodzi. Ameneyu ayenera kusankha: maphunziro asanu kapena asanu ndi limodzi amene adzamutsegulire khomo la koleji adye gawo lalikulu, enawo alandire zotsala. Ndani angakonde kumva zimenezi mu Ogasiti, anzake akukonzekera ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika?

Apa ndiye pagona ukulu weniweni wa pempho lopanda kanthu: limateteza mtima. Munthu asanatchule tsiku, mayeso amakhala kutali. Asanawerenge maola, amakhala ndi nthawi yambiri. Asanatchule phunziro, palibe limene likumuvuta. Amachoka pakhomo la mphunzitsi ali wopepukidwa, chifukwa kupempha taimutebulo kumamveka ngati kuyamba kuwerenga, ndipo kunyumba amanena mosanama kuti wayambapo kukonzekera.

Mwana wobadwa kwa pempholi sasowa, ndipo ofuna kumulemekeza angamuzindikire ali pakhoma. M'mabokosi ake mumalembedwa "Masamu" osati "mavekita, mafunso khumi". Masiku onse amafanana, ngati kuti Loweruka kulibe msika ndipo Lamlungu kulibe kwaya. Mulibe bokosi lopanda kanthu lobwezera tsiku lotayika. Pepala lakale silitchulidwa paliponse, ndipo pamwamba pake, pamene panayenera kulembedwa tsiku la pepala loyamba kuchokera pa ndandanda ya ECZ, pamakhala maluwa ojambulidwa ndi bolopeni yofiira.