Mwaiyamba Pamwamba, Bambo

Loweruka lapitali ndinagona pa maliro ku Shikoswe, ndipo mpaka lero ndikamameza malovu pakhosi pakumva ngati ndinadya nsomba ya mu Kafue ndi minga yake yomwe. Anthu akuti ndi chimfine, koma ine ndikudziwa kuti ndi nyimbo imodzi yomwe inayambitsidwa ndi bambo wina wa mumpingo mwathu. Dzina lawo ndilisunga, tingowatcha a Tambala chifukwa cha mmene amasololera khosi.

Amene anagonapo panja m'mwezi wa Juni kuno ku Kafue akudziwa mphepo yochokera kumtsinje ija, yomwe imadutsa jekete ngati mulibe. Amuna tinali titazinga moto wa zikuni, amayi ali m'nyumba ndi anamfedwa. Cha m'ma 3 koloko usiku, pamene aliyense mawu anali atagwera m'mimba, a Tambala anadzuka, nakhosomola kawiri, nakweza chibwano kuloza nyenyezi, n'kuyambitsa nyimbo ija yonena za ubwenzi wa Yesu, imene maimbidwe ake anapeka Charles Converse mu 1868. Anaiyamba pamwamba zedi moti galu wa pa nyumba yoyandikana anayankha ife tisanayankhe.

Tinayesa kuwatsata, poti pa maliro munthu sukana nyimbo. Mzere woyamba tinaulira ngati mbuzi zomangidwa pa njinga. Pofika pakati, pomwe nyimbo imakhala kanthawi pa mawu ake apamwamba, amayi m'nyumba muja anali atatsala awiri, mmodzi akuimba, wina akulira, ndipo sikunali kotheka kusiyanitsa. Mkulu wina wa besi amene anapuma ntchito ku fakitale ya feteleza anangotsegula pakamwa osatulutsa kanthu, ngati nsomba ili pa thebulo la pamsika. Ena anathawira pansi, kuimba mawu omwewo koma chonong'ona. Sitima ya katundu itadutsa pa njanje n'kuliza hutala, ambiri tinaithokoza mumtima, chifukwa inatipatsa mpata wopuma popanda manyazi. A Tambala okha ndi amene anamaliza ndime zonse, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe zomangira katundu pa thiraki yopita ku Chirundu, ndipo atakhala pansi anatiyang'ana nati, "Abale, mpingo wazilala masiku ano."

Ife tinaona kuti chomwe chazilala ndi makosi athu, ndipo owazilalitsa anali iwo omwewo.

Cholakwa cha a Tambala, ndi anzawo onse amene amadzisankha okha kukhala oyambitsa nyimbo, n'choti amayesa liwu loyamba lokha. Likawakomera pakhosi, basi, nyimbo yanyamuka. Koma nyimbo ili ngati katundu wokwera basi, muyenera kudziwa kutalika kwake konse musanayambe kumulowetsa pa chitseko. Nyimbo iliyonse ili ndi liwu lake lapansi kwambiri ndi lapamwamba kwambiri, ndipo liwu loyamba likhoza kukhala pena paliponse pakati pa awiriwo. Amene tinaphunzira kuimba ndi do, re, mi, njira imene John Curwen anaifalitsa ku Mangalande ndipo amishoni anabwera nayo kuno, tili ndi mwayi, chifukwa buku lokhala ndi zilembo zimenezi limakuonetsa zonse usanatsegule pakamwa.

Tengani nyimbo ya Converse yomweyi. Imayambira pa so wapamwamba. Pamwamba pake pali sitepe imodzi yokha, la, ndiye denga lake. Koma posakhalitsa yatsika kale mpaka pa so wapansi, mtunda wa do mpaka do wina kuchokera pomwe munayambira. Ndiye kuti imayamba ili kale pafupi ndi denga. Tsono yerekezani ndi ina ija ya John Newton yonena za chisomo, yomwe Azungu amaitcha Amazing Grace. Iyoyo imayambira pa so wapansi, lomwe ndi liwu lake lotsikitsitsa, n'kukwera mpaka so wapamwamba pakati pa ndime. Munthu akayamba ziwirizi pa liwu limodzimodzi, imodzi mwa izo imupha ndithu. Ya Newton mukaiyamba pamwamba, kutsogolo kuli phiri lomwe simulikwera. Ya Converse mukaiyamba pa mawu anu olankhulira, kutsogolo kuli dzenje, ndipo mpingo wonse umveka ngati ng'ombe zobzikula.

Mayeso odziwira malire a mawu anu safuna sukulu. Yambani kung'ung'udza pa mawu omwe mumalankhulira ndi akazi anu mukakhala pa mtendere. Tsikani pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, mpaka mawu ayambe kukhala mchenga kapena mpweya wokhawokha. Pamenepo mwapitirira malire, bwererani sitepe imodzi kapena ziwiri, pomwe mungathe kutchula liwu lathunthu ngati "mtendere" munthu wokhala kuseri kwa moto n'kulimva. Apo ndiye pansi panu. Kenako kwerani, koma motsitsa mawu, chifukwa wokuwa amadzinamiza. Mukangoona chibwano chikunyamuka, nsidze zikukwera, kapena mawu asanduka a kamtsikana, mwalowa m'munda wa eni. Bwererani masitepe awiri, ndipo apo ndiye denga lanu. Liwu lomwe mumalifika kamodzi pa ukwati mutamwa tiyi wotentha musaliwerengere. Lanu ndi lomwe mungalibwereze ndime zinayi osagwira pakhosi.

Ine ndinadziyesa pa kiyibodi ya kutchalitchi tsiku lina mnyamata woiimba atapita kukagula fulitasi. Pansi panga ndi A, denga langa ndi D wa pamwamba pa C wapakati. Nyimbo ya Converse mu kiyi ya F, momwe mabuku ambiri amailembera, imayenda kuchokera pa C kufika pa D. Ikukwana, koma mutu wake ukugunda denga langa ndendende. Mu G imafika pa E, kumene ine ndilibe msuweni. Ndikaitsitsa kufika mu Eb imayenda kuchokera pa Bb kufika pa C, ndipo pamatsala mpata pansi ndi pamwamba pomwe. Imeneyo ndiyo kiyi ya 3 koloko usiku, chifukwa mawu a munthu wongodzuka amakhala otsika kuposa a masana, komanso munthu amene wakhala akulira sakwera. A Tambala, mwa kumva kwanga, anaiyamba cha mu Bb, liwu loyamba pa F, denga pa G. Kwa munthu wa tena ngati iwo n'kuseweretsa chabe. Koma gulu la anthu wamba, amuna ndi akazi, aliyense pa msinkhu wa mawu ake, limaimba momasuka kuyambira cha pa C mpaka pa C kapena D wotsatira. Kupitirira apo mwayamba kuchotsa anthu mumpingo popanda mlandu.

Popanda kiyibodi njira yake ndi yoyambira kumutu. Ng'ung'udzani chamumtima malo okwera kwambiri a nyimboyo, muwaike pansi pang'ono pa denga lanu, kenako tsikani ndi nyimbo yomweyo mukaone ngati pansi pake mukupafika, ndipo pomaliza pezani liwu loyamba. Zimatenga nthawi yomwe a Tambala amawononga pokhosomola. Ndipo ngati muli a tena kapena a sopulano, tsitsaninso sitepe imodzi, chifukwa denga lanu si la anzanu.

Izi ndinayesa kuwafotokozera a Tambala kutacha, tikusamba m'manja kuti timwe phala. Ndinayamba mwaulemu. "Bambo, nyimbo ija mwina munaiyamba pamwamba pang'ono."

"Achimwene," anatero akupukuta manja pa thalauza, "ine ndayambitsa nyimbo mumpingo uno fakitale ya nsalu ikadali kugwira ntchito. Mulungu ali kumwamba. Mukufuna tiziimbira pansi kuti amve ndani?"

Munthu ungayankhe chiyani pamenepo? Ndipo chimene chimandiwawa n'choti a Tambala sali okha. Tauni ino yadzaza ndi anthu oyamba zinthu pa msinkhu wa khosi lawo. Wapampando wa komiti ya ukwati amatchula chopereka poyang'ana thumba lake, enafe tizikuwa pofuna kumufika. Kondakitala wa basi ya ku Lusaka amayamba mtengo pa G kuti mukanenerera mugwere pa F. Nayenso mnyamata wa kiyibodi uja, amene nyimbo iliyonse, ya maliro, ya ubatizo, ya Khirisimasi, amaiimba mu F# chifukwa ndi mmene zala zake zinaphunzirira, pa timatabwa takuda. Chikhalirecho chombocho chili ndi batani lolembedwa `Transpose`, loti akalidina kawiri nyimbo yonse itsika iye osasintha chala n'chimodzi chomwe. Ndinamuonetsa. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule nsapato pa guwa, nati batanilo ndi la anthu osadziwa kuimba.

Koma a Tambala ndiwo akulu a onsewa. Sadikira kupemphedwa. Mlaliki akangopuma kuti ameze malovu, iwo alowa kale. Mukawatsitsira nyimbo pa ndime yachiwiri, monga amachitira amayi achifundo ena, iwo amaikwezanso pa ndime yachitatu, mokuwa, akukuyang'anani ngati mwaba nkhuku. Ndikukhulupirira kuti tsiku la maliro awo adzadzuka m'bokosi kudzatiuza kuti taiyamba pansi.

Komabe ndisaname. Pa 3 koloko paja, tonse odziwa za pansi ndi denga tinali titafunda zitenje za akazi athu, tikuwodzera. Anamfedwa anali m'nyumba akumva chete wa panja, ndipo chete wa pa maliro ndi woopsa kuposa nyimbo yokwera. Amene anadzuka ndi a Tambala. Mwina n'chifukwa chake palibe amawaletsa.

Masana ake kumanda, mkulu wa mpingo amene anamva kudandaula kwanga anandikodola. "Bambo, inu odziwa makiyi, tiyambitsireni." Mtima unagunda. Ndinatseka maso n'kuyamba mayeso anga. Ndinang'ung'udza kutsika, ndinang'ung'udza kukwera, ndinafuna la, ndinatsikira kwa so. Mayi wina woyandikana nane anandigwira phewa nati, "Limbani mtima, bambo, tonse tidzapita." Wina anandipatsa madzi. Ndisanapeze liwu loyamba, gogo wina wa chigwirizano, wopanda mano akutsogolo, amene sanakhudzepo kiyibodi chibadwire, anaiyambitsa nyimbo ija pamalo pake penipeni, ndipo manda onse anaimba, ndi mkulu wa besi uja yemwe.

Pobwerera a Tambala anandipeza pa msewu nandigwira dzanja. "Mwaona, achimwene? Gogo uja waiyamba pansi kwambiri. Mawa ku chigawo ndidzaikonza."