Miliyoneya wa pa okala

Mphwanga Yamikani, mwana wa mlongo wanga, anali miliyoneya kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka masana. Ine ndinali ankolo a miliyoneya, udindo umene ndinaugwira ndi mtima wonse, mpaka kusintha kayendedwe.

Mnyamatayu ali ndi okala pafupi ndi chigayo. Ndi munthu wowerengera machesi kamtengo kamodzikamodzi, woti sungamubere K50 ya chenje ngakhale magetsi atazima. Koma mnzake wina anamulowetsa m'gulu la pa foni momwe ankakambirana za tokeni yatsopano, kandalama ka pa intaneti kokhala ndi chithunzi cha galu wovala magalasi. Lolemba kanakwera kawiri. Pofika usiku kanakweranso. Yamikani anagona akutembenuka, poona kuti iye amapindula K100 pa paketi ya shuga pamene anzake akulemera ali chigonere.

M'mawa anabwera kudzafunsa nzeru kwa ine. Musaseke. M'banja mwathu ndine katswiri wa zachuma chifukwa ndinakhalapo mlonda pa banki ina.

"Ankolo, mukuona bwanji?" anatero akundionetsa mzere wobiriwira wolunjika kumwamba.

Ndinavala magalasi, n'kuuyang'ana mzerewo mozondotsa foni, kenako ndinagamula kuti chinthu chokwera chotere sichingakhale chabodza. Malipiro a uphungu wanga anali mabanzi awiri ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, zimene tinalemba m'buku la ngongole pansi pa dzina langa, patsamba lachitatu la dzinalo.

Anatenga K600,000 yokaodera katundu ku holoselo. Anaitumiza pa foni kwa munthu wogulitsa USDT, ndalama ya pa intaneti imene imayenda limodzi ndi dola. Kuchoka apo anasinthanso kukhala ndalama ina, kenako n'kugula galu wa magalasi uja. Pa khomo lililonse ankadula kangachepe, koma ndani amawerenga za kondakitala akupita kukatenga chuma?

Lachitatu foni inati ali ndi K2 miliyoni. Lachisanu inati K9 miliyoni. Mu okala shuga anatha, sopo anatsala mitanda iwiri, amayi ofuna mafuta ophikira ankabwerera ndi mabotolo opanda kanthu. Yamikani ankawayankha maso ali pa foni. Ine ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ya malata, ndipo mayi a kunyumba ndinawauza kuti bonya ayambe kumutsanzika.

Loweruka anati atapeko K1 miliyoni yokha adzaze mashelefu. Anadina pogulitsa. Foni inazungulirazungulira n'kulemba kuti "Transaction failed". Anayesanso. Chimodzimodzi, ndipo ulendo uliwonse ankamudula kandalama kolipirira kuyesako, ngati minibasi yokulipiritsa itakana kulira. Atafunsa m'gulu muja, wina anati akweze `slippage`, ndiye kuti avomere kugulitsa motchipirako. Anakweza, osatheka. Atafunsanso kuti, "Kodi alipo amene wagulitsapo?" anamutulutsa m'gulumo ngati wabweretsa matenda.

Pomwepo ndi pamene mtsikana wina wa ku koleji, amene anabwera kudzagula kandulo, anatimasulira zonse ataima pa windo.

Tokeni zoterezi, anatero, sizigulitsidwa pa msika poti wogula ndi wogulitsa amanenerera. Pamakhala thumba la mbali ziwiri: mbali ina matokeni, mbali ina ndalama zenizeni. Wogula amaponya ndalama n'kutenga matokeni, ndipo makina amakweza mtengo okha chifukwa matokeni achepa m'thumbamo. Wogulitsa akabweza matokeni n'kutenga ndalama, mtengo umatsika. Tsono wopanga tokeni akhoza kulemba m'malamulo a makinawo kuti wololedwa kugulitsa ndi iye yekha. Zikatero mtengo ulibe njira ina koma kukwera. Mzere wokongola uja, umene ine ndinauchitira umboni, unali chizindikiro cha msampha weniweniwo: msika wamoyo umakwera n'kutsika, chifukwa nthawi zonse pamakhala wina wofuna ndalama ya fizi.

"Nanga K9 miliyoni yanga ili kuti?" anafunsa Yamikani, mawu atauma.

Mtsikanayo anati sinakhalepo n'komwe. Foni imangotenga mtengo umene wagula munthu womaliza n'kuchulukitsa ndi matokeni ako. Ngakhale chitseko chikanakhala chotsegula, m'thumba mukakhala K5 miliyoni simungatuluke K9 miliyoni, ndipo ukamagulitsa zambiri mtengo umagwa uli m'kati mogulitsa. Kenako anatenga buku la ngongole pa kauntala, n'kulitsegula pamene linatsegukira lokha.

"Achimwene, apa palembedwa kuti bambo awa muli nawo K47,300. Kodi mungakaode nayo shuga?"

Yamikani anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chigayo.

"Ndiye basi," anatero mtsikanayo. "Nambala yolembedwa ndi ina, ndalama ya m'manja ndi ina."

Sindinakonde kusandutsidwa chitsanzo, koma ndivomere kuti mnyamatayo anamvetsa msanga kuposa mmene akanamvera kwa mphunzitsi wina aliyense.

Madzulo omwewo mzere unagwa chagada. Eni ake anakokolola ndalama zonse m'thumba muja, gulu linafufutidwa, ndipo K9 miliyoni inasanduka ndalama yosakwana kugula machesi. Matokeni onse analipo ndithu mu foni, osasowa ngakhale imodzi, galu akumwetulirabe.

Sitinali oyamba. Kumapeto kwa Okutobala 2021 kunatuluka tokeni yotchedwa SQUID, yobera dzina sewero la ku Korea lija lotchuka pa Netflix, ngakhale eni sewerolo sankaidziwa. Inayamba pafupifupi senti imodzi, ndipo pa 1 Novembala inafika madola 2,861. Ogula ankalephera kugulitsa, koma ena ankalowabe poona kukwerako. M'mphindi zochepa mtengo unagwa osakwananso senti, opanga ake n'kuzimiririka ndi madola oposa 3 miliyoni. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi pang'ono, podziwa kuti uphungu wanga ndi wofanana ndi wa kunja.

Yamikani ankafuna kukadandaula, koma kwa yani? Wakubayo alibe dzina, alibe mudzi, alibe mfumu. Ndalama zikachoka pa makina amenewa palibe wozibweza, ndipo Banki Yaikulu ya dziko lino inanena kale mu 2019 kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'Malawi muno.

Mtsikana uja anatisiyira mayeso otchipa. Usanaike mpamba, gula za K2,000 n'kuyesa kugulitsa nthawi yomweyo. Yang'ana m'ndandanda wa malonda ngati muli anthu osiyanasiyana ogulitsa, osati ogula okhaokha. Ona ngati matokeni ambiri ali m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Koma anachenjeza kuti ngakhale izi zitayenda bwino usavine, chifukwa akuba ena amalola timalonda ting'onoting'ono n'kudzatseka chitseko anthu atadzaza, ndipo ena amangonyamula thumba lonse osatseka chilichonse. Ndalama ya shuga, anatero, ikagule shuga.

Lero okala ikudzuka pang'onopang'ono. Mlongo wanga anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo anandiuza mawu amene nyuzipepala ino singasindikize. Yamikani anayambiranso ndi katoni imodzi ya sopo ndi belo la shuga. Phunziro analimvetsa mopitirira muyezo, moti tsopano sakhulupirira nambala iliyonse yolembedwa. Wapachika chikwangwani choti ngongole inathawa ndi galu, ndipo wandipatsa mpaka pa 30 kuti ndisandutse masamba anga atatu aja kukhala ndalama zogwirika. Ndamuuza kuti ndayesa kulipira, koma zikungolemba "Transaction failed".